Mfundo Iposa Phokoso

(Aŵa ndi mau otsegulira mitsutso ya chaka chino pa kalabu ya mtsutso ya pasukulu. Taŵalemba muno kuti nanunso muŵerenge, popeza mitsutso imachitikanso kubwalo la amfumu, kumsonkhano wa alimi ndi pakhomo pomwe.)



Lero tikuyamba mitsutso ya chaka chino. Ena mwa inu mukuganiza kuti wopambana pamtsutso ndi amene ali ndi mau aakulu, womenya tebulo, woseketsa anthu. Iyayi. Munthu atha kukuwa mpaka kusasa mau koma osasintha maganizo a munthu ndi mmodzi yemwe. Chimene chimasintha maganizo ndi mfundo yokhala ndi umboni. Kuti mumvetse bwino, ndikusimbireni nkhani yoona ya mtsutso wina umene anthu adapulumuka nawo ku imfa.

Mtsutso wa kolera ku Londoni

M'chaka cha 1854 matenda a kolera adabuka m'dera lina la mzinda wa Londoni, ku Mangalande. Pa masiku khumi okha anthu oposa 500 adamwalira. Matendaŵa inu mukuŵadziŵa: munthu amatsekula m'mimba ndi kusanza mpaka madzi kumthera m'thupi.

Masiku amenewo madokotala ambiri ndi akuluakulu a boma ankati kolera imabwera ndi mpweya wonunkha. Maganizo aŵa sadali opusa ayi. Mzindawo unkanunkhadi, ndipo matenda ankachuluka kumalo auve. Onena zimenezi adali ambiri, adali ndi maudindo, ndipo mau ao ankamveka ponseponse.

Koma dokotala wina, dzina lake John Snow, ankati kolera imaloŵa m'thupi ndi madzi akumwa. Pakati pa deralo, mumseu wotchedwa Broad Street, padali mjigo umene anthu ankatungapo madzi. Madzi ake ankaoneka abwino, ndipo anthu ankaŵakonda chifukwa cha kukoma kwake. Snow adakayikira mjigo umenewu. Tsono tiyeni tione zimene adachita, chifukwa ndi zomwezo zimene ndikufuna kuti inunso muzichita.

Choyamba: adaŵerenga

Snow sadangoti, "Ine ndikudziŵa." Adapita ku ofesi yolembera imfa nakatenga maina a anthu 83 amene adamwalira masiku atatu oyamba. Kenaka adayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti, "Kodi malemuŵa ankamwa madzi akuti?" Adapeza kuti pafupifupi onse ankakhala pafupi ndi mjigo uja.

Apa pali phunziro loyamba. Ukanena mfundo, unenenso kumene waitenga. Mau akuti "aliyense akudziŵa" si umboni. Umboni ndi chinthu chimene mnzako atha kupita kukachiona yekha, kapena kukachiŵerenga yekha.

Chachiŵiri: sadabise zomutsutsa

Mwa anthu 83 aja, khumi ankakhala pafupi ndi mijigo ina. Munthu wofuna kungopambana akadaŵabisa khumi ameneŵa. Snow adapita kukafunsa kwa abale ao. Mabanja asanu adamuuza kuti ankasiya mjigo wapafupi n'kumakatunga ku Broad Street, poti madzi ake ankaŵakomera. Enanso atatu adali ana amene ankaphunzira pasukulu yoyandikana ndi mjigowo.

Padalinso funso lina lovuta. Pafupi pomwepo padali nyumba yaikulu yosungiramo anthu osauka, mmene munkakhala anthu 535. Mpweya umene ankapuma udali womwewo, koma adamwalira asanu okha. Chifukwa chiyani? Nyumbayo idali ndi chitsime chakechake. Mumseu womwewo mudali fakitale yofulula moŵa, yokhala ndi antchito oposa 70, ndipo palibe adamwalira. Antchitowo ankapatsidwa moŵa, ndipo sankatunga pamjigo paja.

Ndikuona ena mukuseka. Chenjerani pamenepa! Wina wothamanga magazi anganene kuti, "Ndiye kuti moŵa umateteza kolera." Limenelo ndi bodza. Anthu a m'nyumba ya osauka ija adapulumukanso, ndipo chao chidali chitsime. Chimene chidafanana pa magulu aŵiriŵa n'chakuti onse sankamwa madzi a pamjigo. Zinthu ziŵiri zikachitikira pamodzi, musafulumire kunena kuti china chabala chinzake. Yambani mwafunsa ngati palibe chifukwa china.

Chachitatu: adafuna umboni wolekanitsa

Womutsutsa akadathabe kunena kuti, "Anthu okhala pafupi ndi mjigo amamwa madzi amodzi, inde, koma amapumanso mpweya umodzi. Tidziŵa bwanji kuti wolakwa ndi madzi?" Funso limeneli n'labwino. Kukuwa sikungaliyankhe. Pafunika munthu amene adamwa madziwo koma osapuma mpweya wa kumeneko.

Munthu wotereyo adapezeka. Mai wina wamasiye ankakhala kutali, kudera lotchedwa Hampstead, kumene kudalibe kolera. Kale adakhalapo ku Broad Street, ndipo ankaŵakonda madzi a kumeneko, mwakuti ngolo inkamubweretsera botolo lalikulu tsiku ndi tsiku. Adamwa madziwo, nadwala kolera, namwalira. Mbale wake amene adabwera kudzacheza adamwako, ndipo atabwerera kwao nayenso adamwalira.

Mwaona? Mpweya wa ku Broad Street sudafike ku Hampstead. Madzi okha ndiwo adafika. Umboni umodzi wotere umalemera kuposa mau chikwi.

Pa 7 Sepitembala 1854 Snow adakaonekera pamaso pa akuluakulu oyang'anira deralo, naŵafotokozera zonsezi. M'maŵa mwake adachotsa chopopera cha mjigo uja kuti anthu aleke kutungapo.

Chachinayi: sadaonjeze nkhani

Pano mvetserani bwino. Snow sadadzitame kuti, "Ndathetsa mliri ndine." Iye mwini adalemba kuti imfa zidali zitayamba kale kuchepa chopopera chisanachotsedwe, poti anthu ambiri adali atathaŵa m'deralo. Adanena zimene umboni wake udaonetsa, n'kulekera pomwepo. Munthu wotere ukamumva kamodzi, maŵa umamukhulupiriranso.

Padali mbusa wina wa tchalitchi cha m'deralo, Henry Whitehead, amene sadagwirizane ndi Snow. Sadamunyoze. Adayamba kufufuza yekha kuti aonetse kuti Snow walakwa. Pofufuzapo, adapeza kuti khanda lina la m'nyumba yoyandikana ndi mjigo lidadwala mliri usanabuke. Madzi ochapira mateŵera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa. Atakumba, adapeza kuti dzenjelo lidali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigo, ndipo zonyansa zinkadontheramo. Whitehead adasintha maganizo, nakhala mnzake wa Snow. Wotsutsa wabwino ndi wotero. Amafuna choona, ndipo akachipeza amachivomera ngakhale chili kumbali ya mnzake.

Ndisakunamizeni kuti mfundo yabwino imapambana tsiku lomwelo. Akuluakulu ambiri adakanabe. Snow adamwalira mu 1858 anthu ambiri asanavomere. Mu 1884 dokotala wa ku Jeremani, Robert Koch, adaonetsa kachirombo koyambitsa kolera, ndipo pang'onopang'ono dziko lidavomera. Lero tikaŵiritsa madzi akumwa, kapena kukumba chimbudzi kutali ndi chitsime, tikutsata mfundo yomwe ija. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmene tichitire chaka chino

Tsono tibwere pakalabu yathu. Mutu woyamba udzakhala wakuti, "Madzi akaoneka oyera ndi abwino kumwa." Mbali ina idzavomereza, ina idzatsutsa. Wolankhula aliyense adzapatsidwa mphindi zisanu, ndipo wapampando akaliza belu mudzakhale pansi.

Mphindi zisanu ndi zochepa. Musazitaye ndi malonje ataliatali. Musanaimirire, dzifunseni mafunso anayi aŵa.

Kodi ndikunena chiyani kwenikweni? Muzitha kuchinena m'chiganizo chimodzi.

Kodi ndikuchidziŵa bwanji? Ngati mudamva kwa mlangizi wa zaumoyo, nenani. Ngati mudaŵerenga m'buku, litchuleni. Ngati mudaŵerenga nokha mabanja otunga pachitsime chakutichakuti, nenani kuti ndi angati.

Kodi mnzanga adzanditsutsa ndi mfundo iti? Ganizirani yolimba koposa, muikonzere yankho. Mwachitsanzo, adzati, "Agogo anga amwa madzi a padambo moyo wao wonse, ndipo ali bwinobwino." Musamuseke. Muyankheni kuti si onse omwa madzi oipa amene amadwala, ndipo chitsime chimene chidali chabwino chaka chatha chitha kuipa chaka chino mvula ikakokoloreramo zonyansa. Agogo amodzi sangaimire mudzi wonse.

Kodi umboni wanga ukulekera pati? Musanene kuti "onse" pamene mwaona atatu. Musanene kuti "nthaŵi zonse" pamene zidachitika kaŵiri.

Inu omvera, nanunso muli ndi ntchito. Munthu amene mfundo zamuthera mudzamudziŵa ndi zizindikiro zitatu. Amabwereza mau omwewo koma mokweza. Amasiya mutu n'kuyamba kunena za mnzakeyo, kuti ndi wamng'ono, ndi mtsikana, kapena ndi wa kumudzi kwakutikwakuti. Ndipo mukamufunsa kuti, "Mwadziŵa bwanji?" amapsa mtima m'malo moyankha. Mukaona zimenezi musaombe m'manja. Paja ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Sindikunena kuti muzinong'ona ayi. Imani chilili, yang'anani anthu, lankhulani kuti wakumbuyo amve. Koma oweruza athu adzapereka malikisi ambiri pa mfundo, pa umboni, ndi pa kuyankha bwino mbali inayo. Mau omveka adzalandira malikisi ochepa chabe.

Inu makolo, athandizeni anaŵa. Mwana akakufunsani kuti, "Amai, mwadziŵa bwanji?" si mwano, akuphunzira. Ndipo inu ana, funsani mwaulemu. Mukatsutsa, tsutsani mfundo, munthuyo mumsiyire ulemu wake, kuti mtsutso ukatha mugwirane chanza.

Ndi mau ameneŵa, mitsutso ya chaka chino ndaitsegulira. 

Mafunso okambirana

1. Kodi anthu ambiri a ku Londoni ankati kolera imabwera ndi chiyani?
2. Chifukwa chiyani antchito ofulula moŵa sadamwalire?
3. Kodi imfa ya mai wa ku Hampstead idaonetsa chiyani?
4. Tchulani zizindikiro zitatu za munthu amene mfundo zamuthera.
5. Sankhani nkhani imene anthu akutsutsana m'mudzi mwanu. Lembani mfundo imodzi ndi umboni wake.