Tsamba Limodzi la Pangano la Lendi: Mawu pa Msonkhano wa Anthu a ku Maravia Okhala ku Johannesburg

Pangano la lendi ku Joni kuno nthawi zambiri limafika kwa munthu wofuna nyumba ngati chithunzi cha pa foni. Ejenti kapena mwininyumba amajambula tsamba limodzi, lomwe lili ndi mtengo, n'kulitumiza pa WhatsApp ndi uthenga woti dipoziti ilipiridwe lero chifukwa ofuna chipindacho ndi ambiri. Ku Fingoé, ku Malowera kapena ku Chiputo, anthu akagwirizana za nyumba pamakhala mboni zowadziwa onse awiri, ndipo nkhani ikavuta imapita kwa mfumu. Kuno mwininyumba ndi mlendo kwa wolowa m'nyumba, ndipo pakabuka mkangano chimene chimayankhula ndi pepala. N'chifukwa chake chithunzicho chiyenera kuwerengedwa modekha ndalama zisanachoke m'thumba.

Choyamba kuona ndi nambala ya tsamba. Ngati pansi palembedwa kuti ndi tsamba lachiwiri mwa masamba asanu ndi limodzi, ndiye kuti masamba asanu sanaonekebe, ndipo siginecha ya patsamba lomaliza imamanga munthu pa onsewo. Lamulo la South Africa la nyumba za lendi, nambala 50 la 1999, limanena zimene pangano lolembedwa liyenera kukhala nazo: mayina ndi maadiresi a mwininyumba ndi wolowa, nyumba yeniyeniyo, lendi ndi kakweredwe kake, dipoziti, kutalika kwa pangano, ndiponso ndalama zina zilizonse zolipira. Chimene sichikuoneka pachithunzi pa zinthu zimenezi ndi funso loyenera kufunsa.

Dzina la mwininyumba ndi lofunika kulifufuza kwambiri. M'katikati mwa Johannesburg muli nyumba zosanja zimene anthu ena anazilanda n'kumatolera lendi ngati zawo. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, imene inapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu oposa 70, ambiri a m'mayiko oyandikana, inali yotere. Wofuna nyumba afunse ngati dzina lili papepala ndi la mwini weniweni kapena la ejenti, ndipo ngati ndi la ejenti, aone chikalata chomupatsa mphamvu. Dzina la pa akaunti ya ku banki yolandirira dipoziti lifanane ndi la papangano. Likasiyana, ndalama zisatumizidwe mpaka chifukwa chake chimveke, ndipo asalipire chipinda chimene sanalowemo n'kuchiona ndi maso.

Kenako zibwere ndalama. Mwachitsanzo, tsamba lingasonyeze lendi ya R2,500 pamwezi, dipoziti ya miyezi iwiri, R500 ya mapepala, pangano la miyezi 12, ndi lendi yokwera ndi 10 peresenti pachaka. Munthu amene wamva "R2,500" amaganiza kuti ndiyo ndalama yolowera, koma kuwonkhetsa kumasonyeza zina: R2,500 ya mwezi woyamba, R5,000 ya dipoziti ndi R500 ya mapepala zikukwana R8,000 asanalandire makiyi. Pa miyezi 12 wadzimanga kulipira R30,000 ya lendi yokha, ndipo akapitiriza chaka chachiwiri lendi idzakhala R2,750 pamwezi. Kwa munthu amene amatumizanso ndalama ya feteleza kumudzi mvula ikayandikira, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Mafunso otsatira ndi a magetsi ndi madzi. Ngati magetsi ndi ogula mayunitsi, mita ndi ya chipinda chake chokha kapena ya bwalo lonse? Ngati bilu ya madzi amagawana, amagawa potengera zipinda kapena kuchuluka kwa anthu, ndipo bilu yeniyeni ya khonsolo amaionetsa? Afunsenso tsiku lolipira ndi chindapusa cha kuchedwa, chifukwa ambiri amalandira malipiro tsiku lolipira lendi litadutsa kale. Pa ndalama iliyonse yoperekedwa, mwininyumba amakakamizidwa ndi lamulo kupereka lisiti.

Dipoziti ndi pamene anthu ambiri amalirira. Ndalama imeneyi siisanduka ya mwininyumba. Lamulo limafuna kuti aisunge ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wolowa, amene ali ndi ufulu wopempha umboni wolembedwa. Asanalowe, awiriwo ayenera kuyendera nyumbayo limodzi ndi kulemba zonse zowonongeka, monga galasi losweka, mpopi wodontha kapena loko wosatseka, ndipo mndandandawo umaphatikizidwa ku pangano. Pamenepa foni imagwira ntchito yabwino: chilichonse chowonongeka chijambulidwe tsiku lomwelo. Potuluka amayenderanso limodzi mkati mwa masiku atatu pangano lisanathe. Ngati palibe ngongole kapena chowonongeka, dipoziti ndi chiwongoladzanja zibwezedwe mkati mwa masiku 7. Ngati pali zokonza, mwininyumba amachotsa mtengo woyenera, amaonetsa malisiti, ndipo yotsala amabweza mkati mwa masiku 14 nyumba itabwerera m'manja mwake. Mwininyumba amene sanayendere nyumba pamodzi ndi wotulukayo amatengedwa kuti wavomera kuti ili bwino, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse. Choncho tsamba lonena kuti dipoziti sibwezedwa likutsutsana ndi lamulo, ndipo mzere umenewo ufufutidwe asanasaine.

Nkhani yotuluka nthawi isanakwane imakhudza kwambiri anthu a kutali. Maliro kapena matenda ku Maravia angachotse munthu kuno miyezi ingapo, ntchito ingathe, chilolezo chokhalira m'dziko chingathenso. Lamulo loteteza ogula, nambala 68 la 2008, limalola wolowa kuthetsa pangano la nthawi yoikika popereka notisi yolembedwa ya masiku 20 ogwira ntchito, ngati mwininyumbayo amachititsa lendi monga bizinesi. Mwininyumba angafune chindapusa, koma chikhale choyenera. Funso lomufunsa ndi lakuti chindapusacho ndi ndalama zingati ndipo amachiwerengera bwanji, ndipo yankho lilembedwe. Pangano likatha munthu n'kupitiriza kukhala mwininyumba akudziwa, limayenda mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense wofuna kulithetsa amapereka notisi yolembedwa ya mwezi wathunthu.

Pali udindo wina umene umabisala m'mizere yaing'ono, makamaka chiwerengero cha anthu ololedwa kugona m'chipinda. Kwathu mbale akatsika basi sabwezedwa pakhomo, koma pangano likati anthu awiri, wachitatu wokhalitsa angapatse mwininyumba chifukwa cholithetsera. Ndi bwino kufunsiratu kuti mlendo angakhale masiku angati. Chimodzimodzi ophika zakudya zogulitsa kapena osoka zovala afunse ngati geni ndi yololedwa panyumbapo, ndipo onse afunse amene amakonza mpopi kapena denga zikawonongeka zokha.

Zinthu zina mwininyumba sangazichite ngakhale zitalembedwa ndi kusainidwa. Sangatsekere munthu panja, kudula madzi kapena magetsi, kapena kulanda katundu pa yekha chifukwa cha ngongole ya lendi. Kutulutsa munthu m'nyumba kumafuna chigamulo cha khoti, malinga ndi gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino ndi lamulo nambala 19 la 1998. Madandaulo a dipoziti, kutsekeredwa panja ndi lendi yokwera mopanda chilungamo amapita ku Rental Housing Tribunal ya chigawo cha Gauteng, kumene salipiritsa ndiponso sikufunika loya.

Mafunso onse akayankhidwa, mayankho alowe m'pangano lenilenilo, chifukwa lonjezo la pakamwa limavuta kulitsimikiza. Amene Chingelezi chimamuvuta atenge mnzake wa pamsonkhano uno kuti amuwerengere mzere ndi mzere. Malo opanda kanthu adulidwe ndi mzere kuti wina asadzalembemo pambuyo, pamene pasinthidwa onse awiri asainepo, ndipo tsamba lililonse likhale ndi zilembo zoyamba za mayina awo. Wolowa atenge kope lathunthu losainidwa ndi mwininyumba tsiku lomwelo, alijambule masamba onse, n'kutumiza zithunzizo kwa munthu wina wodalirika kuopa kuti foni ingatayike.