Kuwerenga Chaka ndi Mwezi, Dzuwa ndi Nsangwe



M'Chichewa mawu akuti mwezi ali ndi matanthauzo awiri: chounikira cha usiku, ndiponso chigawo cha chaka. Sizinangochitika mwangozi. Kalendala yoyamba ya anthu ambiri inali mwezi wakumwambawo. Ukaoneka wowonda ngati chikwakwa kumadzulo dzuwa litangolowa, anthu ankati mwezi wakhala, nayamba kuwerenga. Kuchokera tsiku limenelo kufikira utakhalanso pamapita masiku 29 kapena 30, pakuti ulendo wake ndi wa masiku 29 ndi theka.

Luso limeneli likadalipo ku Machinga ndi ku Balaka. Madzulo a tsiku la 29, mashehe ndi Asilamu ena amayang'ana kumadzulo kuti adziwe ngati Ramadani yayamba kapena yatha. Nthawi yoyang'anira ndi yochepa, chifukwa mwezi watsopano umatsatira dzuwa pafupi ndipo suchedwa kulowa. Mitambo ikauphimba, lamulo lake ndi lomveka: mwezi wakalewo ukwanitse masiku 30.

Vuto limabwera pa chaka. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354, koma dzuwa, limene limabweretsa dzinja ndi chilimwe, limatha ulendo wake m'masiku 365 ndi maola pafupifupi 6. Chaka chilichonse pamatsala masiku 11. Kalendala ya Chisilamu siwabweza masikuwo, n'chifukwa chake Ramadani imayendayenda m'nyengo zonse: mu 2010 inayamba mu Ogasiti, minda ili youma, koma mu 2025 inagwa mu Malichi, chimanga chikukhwima. Pamapita zaka pafupifupi 33 kuti ibwerere pamene inayambira. Pa kupembedza palibe cholakwika pamenepo. Koma mlimi wodalira mwezi wokha, pakatha zaka zitatu adzakhala atatsogola ndi mwezi wathunthu, ndipo mbewu zake zidzapsera m'nthaka mvula isanagwe.

Tsono mwezi unafunika mboni ina, ndiyo dzuwa. Munthu woima pamalo amodzi m'mawa uliwonse, tiyerekeze pa Liwonde, nayang'ana mapiri a kum'mawa, amaona kuti dzuwa silitulukira pamalo amodzi. Limasendera kumpoto mpaka cha pa 21 Juni, nthawi yachisanu, kenaka limabwerera kumwera mpaka cha pa 21 Disembala. Chosautsa n'chakuti likafika kumapetoko limaoneka ngati laima kwa masiku angapo, ndipo diso silingaloze tsiku lenileni limene latembenuka. Njira yake ndi kuwerenga kuchokera patali. Woyang'anayo asankhe mpata wa pakati pa mapiri pamene dzuwa latulukira, tinene pa 1 Juni, likupita kumpoto. Aziponya kamwala m'chikho m'mawa uliwonse mpaka dzuwa litatulukiranso pa mpata womwewo pobwerera, cha pa 11 Julayi. Timiyala tidzakwana 40. Theka lake ndi 20, ndipo tsiku lotembenukira lapezeka: 21 Juni. Akasuntha pamalo pake, ngakhale pang'ono, ndipo chizindikiro chake n'kukhala mtengo wapafupi m'malo mwa phiri lakutali, mawerengedwe onse awonongeka.

Dera lino lili ndi chizindikiro china chimene anthu a ku Ulaya sachiona konse. Ndodo yozikidwa chilili pabwalo imataya chithunzithunzi chake masana kawiri pachaka, dzuwa likafika paliwombo penipeni. Ku Balaka ndi ku Liwonde zimenezi zimachitika m'masiku oyambirira a Novembala, ndiponso cha pa 8 Febuluwale. Loyambalo limagwa nthawi imene mlimi akumaliza kukonza mizere. M'mwezi womwewo kagulu ka nyenyezi kotchedwa Nsangwe kamaoneka kum'mawa mdima ukangogwa. Aswahili amakatcha Kilimia, dzina lochokera ku mawu akuti kulima. Komabe nyenyezi zimangonena kuti nyengo yafika. Sizilonjeza kuti mvula igwa sabata lomwelo.

Mwezi ukatsogola kwambiri, nyenyezi kapena dzuwa zikutsutsa, mankhwala ake anali kuwonjezera mwezi wa 13. Ku Babulo poyamba mfumu ndiyo inkalamula kuti mwezi wakutiwakuti ubwerezedwe. Atasunga zolemba za zakumwamba kwa mibadwo yambiri, akatswiri a kumeneko anaona kuti zaka 19 za dzuwa n'zofanana pafupifupi ndendende ndi miyezi 235. Zaka 19 za miyezi 12 zimangopereka miyezi 228, motero anakhazikitsa lamulo lowonjezera miyezi 7 pa zaka 19 zilizonse. Ayuda amatsatira lamuloli mpaka lero, ndipo chiwerengero chomwecho cha zaka 19 ndicho chimathandiza mipingo kupeza tsiku la Pasaka, limene limayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo koma silituluka m'malire amenewo.