Kupepesa Woferedwa pa Lamya ya M'manja

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi

Madzulo ano ndifuna kukamba za uthenga wopepesa mnzathu woferedwa, makamaka za tizithunzi tating'ono tija timene anyamata amatitcha imoji.

Ambiri a inu muli ndi abale ndi abwenzi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. Mukumbukira kuti mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe. Pa zovuta zotere mbiri imafika kumudzi pa lamya, ndipo munthu amayamba wapepesa polemba asananyamuke ulendo. Apa ndi pamene ena amalakwa osadziwa.

Pali kankhope kena kokhala ndi misozi iwiri m'mbali, aka 😂. Munthu woona msanga amayesa kuti kakulira, koma ai, kakuseka mpaka kugwetsa misozi. Anthu amakagwiritsa ntchito kwambiri, kotero kuti mu 2015 olemba buku lotanthauzira mau la Oxford ku Mangalande anakasankha kukhala mau a chakacho. Chifukwa chake nkosavuta kukakhudza mwangozi. Njira yokazindikira ndi iyi: musayang'ane misozi, yang'anani pakamwa. Ngati mano ali poyera ndipo milomo yakwera m'mwamba, kameneko nkachimwemwe. Kachisoni kali ndi msozi umodzi ndi milomo yogwa, aka 😢. Kena kotsika misozi ngati mitsinje, aka 😭, nkolira ndithu, koma ana a masiku ano amakatumizanso poseka. Ndi bwino kukaleka.

Chenjeraninso pa WhatsApp. Mukakanikiza chala pa uthenga, pamatuluka mzere wa tizithunzi, ndipo pakati pa koseka ndi kachisoni pali kamodzi kokha. Chala chozolowera mpini wa khasu sichichedwa kuphonya. Chala chachikulu choimika, ichi 👍, nachonso nchosayenera, pakuti woferedwa angamve ngati mukuti zakhala bwino.

Tsono tiyerekeze. Mlimi wa ku Thyolo wamva kuti mnzake wa ku Ndirande, amene anakulira limodzi, wataya mkazi wake. Choyamba atsimikize kuti eni mbumba auza abale ndi amfumu, kuopa kuti mau ake angatsogole mwambo. Kenaka alembere mnzakeyo payekha, osati m'gulu la anthu ambiri, motere:

"Achimwene, ndamva zovuta zimene zatigwera. Pepani kwambiri. Alamu anga ankandilandira bwino nthawi zonse ndikabwera ku tauni ndi nthochi, sindidzaiwala. Ndinyamuka mawa m'mamawa, ndipo ndatumiza chipepeso pa lamya yanu. Musavutike kuyankha. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi ana. 🙏"

Onani kuti mlimiyu watchula malemu mwaulemu, wakumbukira chabwino chimodzi chimene iwo anachita, wanena tsiku limene adzafike, ndipo wamasula mnzake ku ntchito yoyankha. Kachithunzi waika kamodzi kokha, ka manja opemphera, ndipo kali kumapeto. Ena amaika nkhunda 🕊️ kapena kandulo 🕯️, timenetinso ntofatsa. Koma kundandika tisanu kapena khumi kuli ngati kulowa m'nyumba ya siwa mukuomba m'manja. Polembera munthu wamkulu, monga apongozi kapena amfumu, mau okha akwanira.

Dziwaninso kuti lamya zambiri zazing'ono za mabatani sizitha kuonetsa tizithunziti. Mmalo mwake pamaoneka timabokosi kapena zizindikiro za funso. Ndiponso uthenga wamba umene umanyamula zilembo 160 umatsika kufika pa 70 mukaikamo kachithunzi, motero umagawika ndipo mumalipira zambiri.

Nanga mukalakwitsa? Ngati munakhudza koseka pa mzere uja, kakhudzeninso pansi pa uthengawo ndi kukachotsa. Ngati munakatumiza ngati uthenga, kanikizanipo, sankhani kufufuta, kenaka mau akuti "Delete for everyone". Mwai umenewu umatha pakapita masiku awiri kapena kupitirira pang'ono. Komabe mwina mnzanu waona kale. Musakhale chete ndi manyazi. Muimbireni, munene kuti, "Pepani achimwene, chala chinaphonya."

Inu mafumu, pamene mwasonkhanitsa anthu pa bwalo, auzeni zimenezi, makamaka ana amene amalembera makolo ao mauthenga. Mwana aziwerengera mwini uthenga zonse, ndi kumuonetsa kachithunziko, asanatumize. Ndipo uthenga usalowe m'malo mwa mapazi. Amene angathe apite akagone pa siwa, akaperekeze malemu kumanda.