Kileyimu si sitiraiki: zoyenera kuchita YouTube ikagwira kanema wanu

(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu, talemba kuti amene sanabwere awerenge nawo)

Ambiri muno tayamba kuika nyimbo, masewero ndi makanema a kwaya pa YouTube, ndiye lero ndikufuna tikambirane za uthenga uja umabwera pa imelo wonena kuti kanema wanu ali ndi vuto la umwini. Ena akangouona amafufuta kanemayo msangamsanga. Ena amadina chilichonse chimene chaoneka kuti ndi chotsutsira. Njira zonse ziwirizi zikhoza kukupwetekani, chifukwa mauthengawa alipo a mitundu iwiri ndipo kulemera kwake n'kosiyana kwambiri.

Woyamba ndi kileyimu, pa sikirini amalemba kuti Content ID claim. Eni nyimbo ndi makanema, kapena makampani amene amawagawira nyimbo zawo pa intaneti, amapereka mafayilo awo ku YouTube. Inu mukaika kanema, makina otchedwa Content ID amafananitsa mawu ndi zithunzi za kanema wanuyo ndi mafayilo aja. Akapeza kufanana, kileyimu imagwa yokha, popanda munthu woonera kanemayo. Mwiniwake amakhala atasankhiratu chochitika: kutseka kanemayo kuti asaoneke, kuikapo malonda n'kumatenga ndalama zake, kapena kungotsatira chiwerengero cha oonera. Akhozanso kusankha mosiyana malinga ndi dziko, n'chifukwa chake kanema amatha kuoneka bwinobwino ku Zomba koma m'bale wanu wa ku Joni n'kumati kwawo sakutseguka. Chofunika kugwira apa n'chakuti kileyimu imakhudza kanema mmodziyo basi. Tchanelo chanu sichilandira chilango.

Wachiwiri ndi sitiraiki, pa sikirini copyright strike. Iyi siigwa yokha. Imabwera mwini ntchito akalemba pempho la lamulo loti kanemayo achotsedwe, YouTube n'kuona kuti pempholo ndi lokwanira. YouTube ndi kampani ya ku America, choncho imatsata lamulo la kumeneko la 1998 lotchedwa DMCA. Kanemayo amachotsedwa, ndipo tchanelo chimalembedwa sitiraiki imodzi. Sitiraikiyo imatha pakapita masiku 90, bola mwamaliza kaphunziro kochepa kotchedwa Copyright School. Koma zikakwana zitatu zisanathe, tchanelo chikhoza kutsekedwa, makanema onse n'kupita, ndipo simuloledwa kutsegula china. Mudziwenso kuti sitiraiki ikagwa kale, kufufuta kanemayo sikuichotsa.

Ndiye mudziwa bwanji kuti mwapezeka ndi iti? Lowani mu YouTube Studio, pitani pa Content, muyang'ane mzere wa Restrictions. Pakalembedwa Copyright, tsegulani See details. Pamenepo akuuzani ngati tchanelo chakhudzidwa kapena ayi, dzina la nyimbo imene yafanana ndi yanu, amene akuti ndi mwini wake, komanso mphindi zenizeni za kanema wanu pamene pagwidwa. Mphindi zimenezi muzimvetsere kaye musanachite china chilichonse.

Tsopano tiyeni titenge chitsanzo chimene chimachitika kwambiri kwa oimba achinyamata. Tiyerekeze kuti mnzathu wina wagula biti kwa pulodyusa, wajambula nyimbo yake ya mphindi zitatu, ndipo waiika pa YouTube pa 1 Malichi. Tsiku lomwelo kileyimu yagwa, ikunena kuti kuyambira 0:00 mpaka 0:25 ndi nyimbo ya woimba wina amene mnzathuyu sanamumvepo. Akamvetsera, akupeza kuti masekondi 25 amenewo ndi poyambira nyimbo, pamene biti ikulira yokha mawu asanalowe. Chachitika n'chiyani? Pulodyusa uja anagulitsa biti yomweyo kwa anthu angapo, zimene n'zololedwa ngati laisensi yake sinanene kuti wogula akhala nayo yekha. Mmodzi wa ogulawo anapereka nyimbo yake ku kampani yogawa nyimbo, kampaniyo n'kuilowetsa mu Content ID. Makina sadziwa za mgwirizano wa anthu, amangomva kuti biti ndi imodzi.

Apa mnzathuyu ali ndi chifukwa chomveka chotsutsira, pakuti malamulo a YouTube omwe amati wolowetsa chinthu mu Content ID ayenera kukhala ndi ufulu wonse pa chinthucho yekha, osati biti yogawana ndi ena. Koma chifukwa chomveka chimafuna umboni. Ngati anangopereka ndalama pamanja ku situdiyo popanda cholemba chilichonse, mlandu wake wafooka usanayambe. Ngati ali ndi kalata ya mgwirizano, lisiti, kapena uthenga wa pulodyusa wonena dzina la biti, tsiku ndi zimene waloledwa kuchita nayo, ndiye ali poyambira pabwino.

Sitepe yoyamba ndi kutsutsa, batani lake ndi Dispute. Akufunsani chifukwa, ndipo kwa mnzathuyu choyenera kusankha ndi License. Polemba, asakwiye ndipo asachulutse gaga m'diwa. Atchule dzina la biti, amene anaipanga, tsiku limene anapatsidwa chilolezo, ndi kunena kuti chilolezocho chikumulola kuika nyimbo pa YouTube. Pali zifukwa zitatu zimene anthu amakonda kulemba koma sizigwira ntchito: kunena kuti ndatchula mwini nyimbo pansi pa kanema, kunena kuti nyimboyi ndinaigula, ndi kunena kuti sindikupangirapo ndalama. Kugula nyimbo kuti uzimvera kunyumba si chilolezo choti uiike mu kanema wako.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kutsutsa kwanu sikuweruzidwa ndi YouTube. Kumapita kwa yemwe uja anaika kileyimu, ndipo iye ndi amene amayankha. Amapatsidwa masiku 30. Mnzathuyu akatsutsa pa 3 Malichi, winayo ali ndi mpata mpaka pa 2 Epulo. Akhoza kuvomera n'kuchotsa kileyimu, akhoza kukhala chete mpaka masikuwo atha ndipo kileyimu imachoka yokha, akhoza kukana n'kuibwezeretsa, kapena akhoza kulumphira pa pempho loti kanema achotsedwe, limene limabweretsa sitiraiki. Ndiye ngakhale sitepe yoyambayi si yosewera nayo.

Kwa amene tchanelo chawo chimalandira ndalama za malonda, masiku ali ndi ntchito. Mukatsutsa pasanathe masiku 5 chigwereni kileyimu, ndalama za kanemayo zimasungidwa pambali kuyambira tsiku limene kileyimu inagwa, ndipo amadzapatsidwa amene wapambana. Mukachedwa, zimayamba kusungidwa kuyambira tsiku limene mwatsutsalo.

Tiyerekeze kuti pa 20 Malichi kampani ija yakana. Apa ndi pamene pamabwera apilo, batani lake ndi Appeal. Mwina akufunsani kuti mutsimikize akaunti yanu ndi nambala ya foni. Pa apilo winayo amapatsidwa masiku 7 okha, ndipo sangangonena kuti ndakana ngati poyamba paja. Ayenera kusankha: kusiya kileyimu, kapena kupereka pempho la lamulo loti kanema achotsedwe. Mnzathuyu akachita apilo pa 21 Malichi, pofika pa 28 Malichi adziwa pamene waima. Mukuona kuti apilo imakankhira nkhani kumapeto. Ngati winayo akudziwa kuti biti si yake yekha, n'kwanzeru kwa iye kusiya, chifukwa pempho la lamulo limafuna kuti alumbire kuti akunena zoona. Koma ngati inu ndi amene mwalakwa, apilo ndiyo njira yachidule yosandutsira kileyimu yopanda chilango kukhala sitiraiki.

Pali kampata kamodzi kothawira. Nthawi zina wodandaula amasankha kuti kanema achotsedwe pakapita masiku 7, osati pompopompo. M'masiku amenewo mukhoza kubweza apilo yanu, sitiraiki siigwa, kileyimu n'kukhalabe pa kanema. Koma mukabweza, simungachitenso apilo pa kileyimu imeneyo. Palinso njira ina ya kanema amene watsekedwa, yolembedwa Escalate to Appeal, yodumpha masiku 30 aja n'kupita pa apilo mwachindunji. Ndi yachangu, koma muigwiritse ntchito pokhapokha umboni wanu uli m'manja.

Nanga sitiraiki ikagwa? Njira zilipo zitatu. Mukhoza kudikira masiku 90. Mukhoza kulembera wodandaulayo mwaulemu kumupempha kuti abweze pempho lake, ndipo pa nkhani ya biti ija chanzeru n'kupempha pulodyusa kuti ayankhule ndi woimba winayo, popeza onse ndi makasitomala ake. Kunena zoona, foni imeneyi mnzathuyu akanayenera kuimba pa 1 Malichi pomwe paja, asanadine Dispute. Njira yachitatu ndi yotchedwa counter notification. Iyi ndi kalata ya lamulo. Mumalemba dzina lanu lenileni, keyala ndi nambala ya foni, ndipo zonsezi zimatumizidwa kwa wodandaulayo. Mumalumbira kuti kanema anachotsedwa molakwika, n'kuvomera kuti nkhaniyi ikhoza kupita kukhoti. Winayo amakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito a ku America kuti asonyeze kuti wakasuma. Akapanda kutero, kanema amabwerera ndipo sitiraiki imachoka. Kalata imeneyi musailembe nokha usiku ndi mkwiyo, yambani mwaonetsa munthu wamkulu wodziwa za malamulo.

Ndisanakhale pansi, tinene za mbali inayo, chifukwa nthawi zambiri kileyimu imakhala yoona. Mwajambula mpira wa kalabu, pa zokuzira mawu pakulira nyimbo ya woimba wotchuka, makina aigwira. Apa palibe chotsutsa. YouTube Studio ili ndi zida zokonzera popanda kuikanso kanema kachiwiri: mukhoza kudula kachigawo kagwidwako, kuzimitsa nyimboyo, kapena kuikapo ina yochokera mu Audio Library. Mukatero kileyimu imachoka, chiwerengero cha oonera ndi ndemanga zimakhalabe. Ndipo ngati kanemayo sanatsekedwe komanso simumayembekezera ndalama, mukhoza kungoisiya kileyimuyo ili pomwepo.

Pempho langa kwa a komiti ndi lakuti tikhale ndi kope limodzi la kalabu, lolembamo biti iliyonse ndi nyimbo iliyonse imene tagwiritsa ntchito, amene anatipatsa, tsiku, ndi chithunzi cha chilolezo chake. Tchanelo chathu n'chimodzi, ndipo masitiraiki atatu a anthu atatu osiyana amachitseka chimodzimodzi ngati a munthu mmodzi. Amene ali ndi kileyimu panopa atsale tikamaliza, titsegule See details limodzi tione.