Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Alembi a Mabungwe a Alimi ku Fingoé

Ndipempha makutu anu pa nkhani imodzi yokha, ndiyo ya kalembedwe ka chigamulo m'buku la msonkhano.

Chiyambire chaka cha 2006, pamene boma la Mozambiki linalola kuti mabungwe a alimi azivomerezedwa m'maboma momwe muno, osayendanso ulendo wautali wa ku Tete, ambiri a ife tasenza chuma cha anzathu. Ndipo popeza akulu anati mlandu suwola, tsiku lidzafika ndithu lakuti chimene munagwirizana pansi pa mtengo chidzafunsidwe, enawo ataiwala, ena atasamuka, buku lokha ndilo lili mboni.

Tiyerekeze kuti bungwe lili ndi anthu 40, ndipo pamsonkhano pafika 31. Mlembi ayambe walemba chiwerengero chimenechi, pakuti zonse zotsatira zidzayesedwa nacho. Bambo wina aimirira napereka ganizo lakuti bungwe ligule matumba 20 a feteleza ndi ndalama za m'thumba la bungwelo lisanafike tsiku la 15 Novembala. Mlembi asalembe kuti "tinakambirana za feteleza". Alembe dzina lonse la mwini ganizo, ndi mawu ake monga anawanenera, nawawerengere msonkhano mokweza kuti mwiniyo avomere kuti ndi omwewo. Pamenepo wapampando afunse ngati alipo wochirikiza, ndipo mayi amene wakweza dzanja, dzina lakenso lilembedwe, pakuti kuyambira kale mawu sakhazikika pakamwa pa mboni imodzi. Kumene malamulo a bungwe afuna wochirikiza, iye akasowa ganizo lagwa, ndipo kugwa kwakeko kulembedwe.

Tsono wina anena kuti matumba 20 achuluka, akhale 12. Kumeneko ndiko kusintha ganizo, ndipo apa ndi pamene alembi ambiri amaphunthwa. Musafufute mawu oyamba aja. Asiyeni pamalo pake, ndipo pansi pake mulembe wosintha, womuchirikiza, ndi mawu enieni ochotsedwa ndi olowa m'malo mwake. Kusinthako ndiko koyamba kuvoteredwa: ovomera 17, okana 11, osakweza dzanja 3. Koma abale anga, voti imeneyi sinagule feteleza ayi. Yangosankha pakati pa 20 ndi 12. Wapampando awerengenso ganizo lonse monga lasinthidwira, anthu akwezenso manja kachiwiri: ovomera 24, okana 5, osakweza dzanja 2, ndipo pokhapo mlembi angathe kulemba kuti ganizo lavomerezedwa. Buku limene lili ndi voti imodzi pamene panali kusintha ladzineneza lokha kuti ntchito inasiyidwa panjira, ndipo wosunga chuma amene atulutsa ndalama potsamira buku lotere adzayankha mlandu yekha.

Nthawi iliyonse wonkhetsani ziwerengero zitatuzo, zikwane 31. Zikapanda kukwana, kapena wina watuluka osalembedwa, kapena dzanja lina lawerengedwa kawiri, ndipo muwerengenso pomwepo anthu asanabalalike, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kapena wina afunsa mumtima kuti, kodi sikukwanira kulemba kuti ambiri anavomera? Imvani chifukwa chake. Malamulo a dziko lathu okhudza mabungwe afuna kuti chigamulo wamba chivomerezedwe ndi oposa theka la amene alipo, ndi kuti kusintha malamulo a bungwe kuvomerezedwe ndi atatu mwa anayi alionse a iwo. Chomwecho pa anthu 31, ngati ovomera ali 15, okana 13, osakweza dzanja 3, ngakhale ovomerawo aposa okana, theka sanalipitirire, popeza pafunika 16. Ndipo ikadakhala nkhani yosintha malamulo a bungwe, 24 akadakwanira, koma 23 akadaperewera. Munthu mmodzi yekha atembenuza chigamulo, ndipo mawu akuti "ambiri" amkwirira munthu ameneyo.

Potsiriza, zolembedwazo ziwerengedwe pamaso pa onse, zolakwika zikonzedwe poyera, ndipo wapampando ndi mlembi asayine, tsiku ndi malo zili pomwepo. Pambuyo pake cholembera chisakhudzenso tsambalo.

Inu alembi amene mwatsiriza maphunziro lero, anzanu akuikizani mawu awo, a wopambana ndi a wogonja omwe. Asungeni mosakondera, kuti iye amene anakana adzapeze kukana kwake kutawerengedwa, nagonjere chigamulo ndi mtima woyera. Ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti maphunziro ano atsekedwa.