Getsi la Sensa Likamayaka Lokha Usiku: Kodi Laona Chiyani?

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina wa m'kalabu, amene akuphunzira zamagetsi, anayankhula pa msonkhano wathu wa Loweruka. Tawalemba monga anayankhulira kuti amene munajomba musatsalire.)

Ndiyambe ndi funso: ndani pano amene kwawo kuli getsi lija loyaka lokha munthu akadutsa? Manja ndi ambiri ndithu. Nanga ndani amene linamudzidzimutsapo pakati pa usiku, layaka, kusuzumira pawindo panja palibe munthu? Eya, mukuseka chifukwa mukudziwa.

Zimenezi zinachitika kwa azakhali anga mwezi wa Okutobala wapitawu. Anagula getsi la mawati 30 lokhala ndi sensa pansi pake, n'kuliika kuseri kwa nyumba. Sabata yoyamba yokha analeka kugona. Likangoyaka, iwo dzambatu, chikwanje m'manja. Mnyamata wa pakhomo ankati ndi akuba akuzonda nyumba. Aneba ena anatchula zina zimene sinditchula pano, mukuzidziwa kale. Atandiitana ndinawauza kuti tiyambe tafunsa getsilo kuti likuona chiyani.

Choyamba choti mudziwe n'chakuti sensa imeneyi si kamera. Siona munthu, siona nkhope, sidziwa wakuba kapena mwini nyumba. Pa katoni pamalembedwa PIR, ndipo chimene imamva ndi kutentha kumene chinthu chilichonse chimatulutsa, kuwala kwina kumene maso athu saona. Munayamba mwaima pafupi ndi khoma la njerwa madzulo, osalikhudza, koma n'kumamva kufunda pa tsaya? Ndi kutentha komweko. M'kati mwa sensa muli timaso tiwiri toyandikana, ndipo kapulasitiki koyera kooneka ngati chisa cha njuchi kali kutsogoloko kamagawa bwalo lanu m'mizeremizere. Timaso tiwirito tikamamva kutentha kofanana, sensa imangokhala phee. Koma chinthu chofunda kapena chozizira kusiyana ndi kumbuyo kwake chikachoka mzere wina kupita mzere wina, diso limodzi limamva msanga kuposa linzake, ndipo getsi limayaka.

Ndiye gwirani mawu awiriwa: kusiyana kwa kutentha, ndi kusuntha. Zonse ziwiri zikhalepo. N'chifukwa chake mukaima chilili osagwedezeka pansi pa getsi, pakapita nthawi limazima ngakhale muli pompo. N'chifukwa chakenso munthu wodutsa mopingasa amagwidwa ali patali, pamene wobwera molunjika sensa amatha kufika pafupi lisanayake, poti iyeyo sakudula mizere yambiri.

Tibwerere kwa azakhali. Ndinafika chakumadzulo n'kuima pansi pa getsi, kuyang'ana kumene sensa ikuyang'ana. Inali yolunjika ndithu ku mpanda wa njerwa, mamita ngati asanu ndi limodzi kuchokera pa khoma la nyumba. Pakati pa nyumba ndi mpanda panali mtengo wa papaya, ndi chingwe choyanikira zovala. Nditangoona ndinayamba kukayikira, koma kukayikira si umboni. Ndinakwera pa makwerero n'kuphimba sensa yonse ndi kachidutswa ka katoni, kumata ndi tepi. Kuyesa kumeneku ndi kumene ndikufuna mupite nako kwanu lero, chifukwa kumagawa vuto pawiri. Sensa ikaphimbidwa siona chilichonse. Ngati getsi lizima nthawi yake ikakwana, osayakanso, ndiye kuti getsilo ndi labwino, choliyatsa chili panja. Ngati likhalabe loyaka sensa ili yophimbidwa, vuto lili m'kati mwake kapena m'mawaya.

Usiku umenewo getsi silinayake ngakhale kamodzi, azakhali anagona tulo tofa nato. Ndiye woliyatsa anali panja. Usiku wotsatira tinachotsa katoni, ine n'kukhala pa khonde kudikira. Kamphepo kakangowomba, masamba a papaya aja n'kugwedezeka, getsi ng'aa! Mpanda uja umakhala utamwa dzuwa la Okutobala tsiku lonse, ndipo njerwa zimachedwa kuzizira. Masamba amazizira msanga. Ndiye tsamba lozizira likamapita uku ndi uku kutsogolo kwa khoma lofunda, kwa sensa zili chimodzimodzi ndi munthu wodutsa. Chitenje choiwalidwa pa chingwe chimachitanso zomwezo. Wakuba wa azakhali anali papaya.

Zina zimene zimaliyatsa mukhoza kuziganiza nokha tsopano. Galu ndi mphaka, n'zodziwikiratu. Galimoto yodutsa mu msewu, chifukwa injini yake ndi yotentha. Mbaula imene mwaisiya pakhonde ikuzilala, mpweya wake wotentha ukamayendayenda. Koma zimene anthu ambiri saziganizira ndi tizilombo. Nalimata mmodzi akayenda pa kapulasitiki ka sensa, amatseka mizere yambiri nthawi imodzi, ndipo kwa sensa amakhala ngati njovu. Kangaude akamanga ukonde pomwepo, chimodzimodzi. Nyengo ya mvula zimafika poseketsa: getsi layaka, ngumbi zabwera chifukwa cha kuwala, zikuuluka kutsogolo kwa sensa, nalimata wabwera kudzadya ngumbi, getsi silizimanso mpaka phwando lithe.

Apa ndi pamene tifike pa timabatani topotokola tili pansi pa sensa. Kawirikawiri timakhala titatu, tolembedwa TIME, LUX ndi SENS. Ka TIME ndi nthawi imene getsi likhale loyaka, kuyambira masekondi ochepa mpaka mphindi zingapo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nthawiyo imayambiranso kuwerengedwa sensa ikangoona china. Kwa azakhali kanali kopotokoledwa mpaka kumapeto. Tinene kuti ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Tsamba likagwedezeka kamodzi kokha pa mphindi zisanu zilizonse, getsi limenelo silidzazima mpaka kucha, ndipo inu mudzati lawonongeka pamene likungomvera zimene munaliuza. Ka SENS ndi kutalika kwa kumene sensa imafika. Zambiri amalemba kuti zimafika mamita 10 kapena 12. Ka LUX kali ndi chizindikiro cha dzuwa mbali ina, mwezi mbali ina. Mukalozetsa ku dzuwa, getsi limayaka ngakhale masana. Ku mwezi, limadikira mdima. Ndiye wina akakuuzani kuti getsi lake likuyaka masana, musanakwere n'komwe mufunseni za ka LUX.

Chimene tinachita ndi ichi. Ndinaweramitsa sensa kuti iziyang'ana pansi, mamita atatu kapena anayi kuchokera pa khoma, m'malo moyang'ana mpanda. Ndinamata kachidutswa ka tepi yakuda pa mbali ya kapulasitiki imene imaona papaya. Ndinabweza ka SENS mpaka pakati. Kenako ka TIME ndinakaika kochepetsetsa, ka LUX ku dzuwa, n'kumuuza msuweni wanga aziyenda mopingasa bwalo, ine ndikuona pamene getsi likuyakira, mpaka linkayaka iye akafika pa njira ya ku chitseko basi. Titakhutira, ka LUX ndinakabwezera ku mwezi, ka TIME pa mphindi imodzi. Papaya sitinadule, azakhali anakaniratu.

Chenjezo limodzi: zimene mwatchera mu Okutobala mudzazionenso mu Juni. Nyengo yotentha khoma ndi thupi la munthu zimakhala pafupifupi zofanana kutentha, ndiye sensa imakhala ngati yagona. Nyengo yozizira munthu amaonekera patali, ndipo getsi lomwelo limayamba kuyakira aliyense wodutsa kunja kwa geti.

Patatha milungu ingapo azakhali anaimbanso foni. Ulendo uno getsi linali loyaka usiku wonse, osazima ngakhale pang'ono. Ndinawafunsa funso limodzi: kodi magetsi anathimathima dzulo? Anati inde, kunali mvula ya mabingu, anathima n'kuyakanso nthawi yomweyo. Masensa ambiri, osati onse, anapangidwa kuti mukazimitsa swichi ya pakhoma n'kuyatsanso msangamsanga, getsi lizingoyaka osalabadira sensa, mwina muli ndi alendo panja. Magetsi akaphethira, sensa imayesa kuti ndinu mwachita dala. Mankhwala ake ndi aulere: zimitsani swichi, dikirani mphindi yathunthu, yatsaninso. Likayaka musathamangire kunena kuti zakanika, chifukwa sensa ikangolandira magetsi imayatsa getsi kwa masekondi 30 kapena mphindi imodzi pamene ikukhazikika. Chokanipo pamaso pake, dikirani. Kwa azakhali linazima.

Nanga likakana kuzima, mwaphimba sensa, mwazimitsa n'kuyatsanso, ka TIME kali pochepa? Pamenepo mvetserani ndi khutu. M'masensa ambiri muli kaswichi kakang'ono kamene kamalira kuti "thi" poyatsa ndi pozimitsa. Nthawi zina mano ake amapsa n'kumatirirana, moti magetsi amangodutsa osalekeza. Nthawi zina ndi madzi a mvula amene alowa. Mukaona nthunzi kapena dzimbiri m'kati mwa kapulasitiki, yankho ndi limenelo, ndipo pogula lina yang'anani lolembedwa IP65 ngati lidzakhale pa mtetete popanda denga. Koma ngati getsi silinazimepo chiliikireni, kayikirani amene analumikiza. Sensa yogulidwa payokha imakhala ndi waya wolowetsa magetsi ndi wina wopita ku babu, ndipo awiriwa akaphatikizidwa, babu limalandira magetsi mwachindunji, sensa n'kungokhala chokongoletsera khoma. Apa pokha ndikupemphani, abale anga: m'menemo muli mavoti 230. Kupotokola timabatani ndi kumata tepi chitani nokha, koma kutsegula mawaya itanani wodziwa, ndipo azimitse kaye pa bokosi lalikulu.

Wina anandifunsa pakhomo paja za mayunitsi. Getsi la mawati 30 likayaka maola 12 limadya mayunitsi 0.36, pa mwezi ndi pafupifupi 11. Koma ngati kwanu kudakali lakale lija lotentha la mawati 500, usiku umodzi wokha ndi mayunitsi 6, ndipo bambo akamakalipa kuti ndani akutha magetsi m'nyumba muno, mwina wolakwa ali panja pa khoma.

A magetsi a sola, ndakuonani mukukweza manja. Anu ambiri ali ndi njira zingapo zoyakira, ina mwa izo ndi yoti liziwala pang'ono usiku wonse n'kuwala kwambiri munthu akadutsa. Limenelo silinawonongeke, dinani batani lake kapena rimoti musinthe. Ndabwera ndi sensa imodzi yakufa imene ndaitsegula, ili patebulopa, ndipo ndaika dala osati pa magetsi. Bwerani awiriawiri muone kapulasitiki kogawa mizere kaja, kenako tifunsane mafunso.