Chenjezo la Satifiketi pa Imelo: Kodi Tivomere?

Nkhani yathu lero ikukhudza aliyense amene amalandira makalata a imelo pa kompyuta kapena pa foni, makamaka inu a m'maofesi a mumzinda wa Blantyre ndi ku Limbe. Ambiri mwa inu mukatsegula pulogalamu ya makalata m'maŵa uliwonse, pamatuluka kabokosi ka mau a Chingerezi konena kuti satifiketi ya seva siikutsimikizika. Pa Outlook kamatha ndi funso lakuti "Do you want to continue using this server?" Ambiri amangodina "Yes" ntchito nkuyamba. Kodi chenjezo limeneli likutanthauzanji, ndipo nkoyenera kulivomera?

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tikuchidziŵa. Mukapita ku banki pa Victoria Avenue kukatapa ndalama, kalaliki amapempha chiphaso chanu cha unzika, ndipo amayang'anapo zinthu zitatu. Amaona ngati dzina la pa chiphaso likufanana ndi la pa akaunti, ngati tsiku lake silinapitirire, ndiponso ngati chinaperekedwadi ndi boma, osati cholemba munthu kunyumba kwake.

Satifiketi ndi chiphaso cha seva, kompyuta yaikulu ija imene imasunga makalata anu. Pulogalamu yanu isanapereke mau anu achinsinsi, imayamba yafunsa chiphasocho nkuyang'ana zinthu zitatu zomwezi: dzina, masiku, ndi bungwe limene linasainira. Chimodzi chikalephera, chenjezo limatuluka. Tsono chenjezoli silikunena kuti mwaberedwa kale ayi. Likungonena kuti pulogalamuyo yalephera kutsimikiza kuti amene ikulankhula naye ndi mwini wake weniweni.

Nanga nchifukwa ninji limabwera tsiku ndi tsiku? Nchifukwa chakuti chiphasocho chimafunsidwa pa ulendo uliwonse wolumikizana. Mukadina "Yes" pa Outlook, mwangouza pulogalamuyo kuti inyalanyaze kwa nthaŵi imeneyo yokha. Vuto lenilenilo likadali pomwepo, ndipo mukaitsegulanso maŵa idzafunsanso.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze kuti sitolo ina ya ku Limbe yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ili ndi imelo yakeyake, ndipo mu pulogalamu munalembedwa kuti seva ndi `mail.chitsanzo.mw`. Tsiku lililonse mlembi amaona mau akuti "The target principal name is incorrect." Mau ameneŵa akuloza ku dzina. Mlembiyo adine pamene palembedwa "View Certificate" ndi kuŵerenga mzere wa "Issued to". Kaŵirikaŵiri adzapeza kuti dzina lili pamenepo si la sitolo, koma la kampani imene imaŵasungira makalata. Makampani otereŵa amasunga makalata a masitolo ambiri pa seva imodzi, ndipo chiphaso chimakhala m'dzina lawo. Zili ngati munthu wofika ku banki ndi chiphaso chenicheni koma cha mwini nyumba imene akuchita lendi.

Mankhwala ake si kudina "Yes" chaka chonse. Mlembiyo aimbire foni kampaniyo pa nambala imene akuidziŵa kale, osati yochokera m'kalata imene yangofika kumene, afunse dzina lenileni la seva. Akamuuza dzina lofanana ndi limene waŵerenga pa chiphaso, alilembe m'malo onse aŵiri, a makalata oloŵa ndi a otuluka. Chenjezo lithera pomwepo. Koma akamuuza dzina lina, asapitirire, chifukwa mwina pali wina pakati. Njira ina ndi kupempha kampaniyo kuti itenge chiphaso cha dzina la sitolo. Bungwe la Let's Encrypt linayamba kupereka ziphaso zotere kwaulere m'chaka cha 2015, kotero nkhani ya mtengo si chifukwa.

Chachiŵiri ndi masiku. Chiphaso chilichonse chili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo mudzaona mau akuti "Valid from" ndi "to". Musanadandaule kwa wina aliyense, yang'anani deti pa kompyuta yanu. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati khobidi, kolembedwa CR2032, kamene kamasunga nthaŵi makina akazima. Kabatireka kakatha mphamvu, magetsi akangothima kompyuta imadzuka ili m'chaka chakalekale, ndipo chiphaso chabwinobwino imachiyesa chosafika nthaŵi yake. Chizindikiro chake nchakuti machenjezo amatuluka pa masamba ambiri a intaneti nthaŵi imodzi. Konzani deti, ndipo musinthe kabatireko. Koma deti likakhala lolondola, ndiye kuti chiphaso chinathadi, ndipo woyang'anira seva ndiye ayenera kutenga chatsopano.

Chachitatu ndi wosainira. Kompyuta iliyonse imasunga mndandanda wa mabungwe amene imaŵakhulupirira. Maofesi ena amene ali ndi seva yaoyao amadzilembera okha chiphaso, ndipo pulogalamu siichidziŵa. Apa pokha ndi pamene kuvomera kungakhale koyenera, koma mutatsimikiza. Chiphaso chilichonse chili ndi chidindo chake, ngati chidindo cha chala. Cha mtundu wa SHA-256 chimakhala ndi zilembo ndi manambala 64 pamodzi. Woyang'anira makina a pa ofesi yanu akuŵerengereni chidindocho pamaso kapena pa foni, inu mukuyerekeza ndi chimene chili pa kompyuta yanu. Zikafanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muvomere kamodzi kokha mokhazikika. Pa Thunderbird pali kabokosi kolembedwa "Permanently store this exception". Ubwino wake ndi wakuti chiphasocho chikadzasintha, pulogalamu idzakuchenjezaninso, ndipo mudzadziŵa kuti pachitika china.

Tsopano kuopsa kwake kuli pati? Mukangovomera, pulogalamu imatumiza dzina lanu ndi mau anu achinsinsi nthaŵi yomweyo. Ngati kumapeto kwinako kuli wakuba amene waima pakati pa inu ndi seva, watenga makiyi a bokosi lanu la makalata. Akhoza kuŵerenga zonse, ndi kulembera makasitomala anu m'dzina lanu kuti alipire ku akaunti ina. Zoterezi si nthano. M'chaka cha 2011 kampani ya ku Netherlands yosainira ziphaso, yotchedwa DigiNotar, inathyoledwa, ndipo ziphaso zabodza za Google zinagwiritsidwa ntchito posuzumira makalata a anthu a ku Iran. Zinadziŵika pamene munthu wina wa kumeneko anaona chenjezo pa Chrome nkukafunsa poyera m'malo molinyalanyaza.

Choipa chachikulu cha chenjezo la tsiku ndi tsiku ndi chizoloŵezi. Dzanja likazoloŵera kudina, tsiku limene chiphaso chidzakhale cha wakuba simudzaona kusiyana kwake. Samalani kwambiri pamene chenjezo latulukira mwadzidzidzi pa malo achilendo. Ngati ku ofesi kulibe vuto, koma mwaliona mutalumikiza pa wayifayi ya ku hotela kapena malo odyera, kanani. Nthaŵi zina ndi tsamba la eni malo lofuna kuti muyambe mwalembetsa, koma pulogalamu ya makalata singasiyanitse. Zimitsani wayifayiyo, muyese ndi bandulo ya foni yanu. Chenjezo likasoŵa, ndiye kuti vuto linali pa netiweki ija. Ngati munavomera kale pa malo otere, sinthani mau anu achinsinsi lero lomwe, muli pa netiweki imene mumaikhulupirira.

Choncho omvera, kabokosiko kakatuluka maŵa, ŵerengani dzina, masiku ndi wosainira musanadine. Pa tsamba la banki kapena lolipirira, musavomere nkomwe.